Mawanga pazithunzi: kodi ndi fumbi la pa sensa kapena ndi vuto la lenzi?

Wojambula zithunzi akaona timawanga takuda pamtambo wa chithunzi chake, kawirikawiri amathamangira kansalu n'kuyamba kupukuta lenzi. Akajambulanso amapeza timawanga tija tili pomwe tidali, ndipo ena amafika pokayikira lenzi yabwinobwino n'kuyamba kufunsa mtengo wa ina. Zoona zake n'zakuti fumbi la pa lenzi silionekera pachithunzi ngati kadontho, kupatula mwa apo ndi apo. Timadontho totere pafupifupi nthawi zonse timachokera pa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'kati mwa kamera n'kukusandutsa chithunzi.

Sensa ndi chimodzi mwa ziwalo zodula kwambiri za kamera, ndipo imakalika msanga ikapukutidwa mosasamala. N'chifukwa chake ntchito yoiyeretsa imayamba ndi kufufuza. Mwini kamera ayenera kutsimikiza kaye kumene banga likuchokera, kenako ayambe ndi njira yosakhudza sensa, ndipo afike poikhudza pokhapokha njira zinazo zitalephera.

Chifukwa chimene fumbi limaonekera nthawi zina n'kubisala nthawi zina

Fumbi silifika pa timaso tating'onoting'ono ta sensa, timene timatchedwa mapikiselo. Kutsogolo kwa timasoti kuli timagalasi tosefa kuwala, ndipo fumbi limatera pagalasi lakunja, pamtunda wa milimita imodzi kapena mamilimita angapo kuchokera pa mapikiselo. Choncho chimene chimaoneka pachithunzi ndi mthunzi wa fumbilo, ndipo mthunzi umasintha malinga ndi kukula kwa malo amene kuwala kukuchokera.

Zimenezi munthu angazione ndi chala chake. Akaika chala pafupi ndi khoma m'chipinda chimene muli kandulo imodzi yokha, mthunzi umakhala wakuda ndi wooneka malire. Akachita chimodzimodzi masana, kuwala kukulowa pazenera lalikulu, mthunziwo umazimirira chifukwa kuwala kukuzungulira chalacho kuchokera mbali zosiyanasiyana.

M'kamera, zenera limeneli ndi bowo la m'kati mwa lenzi, lomwe ojambula amalitcha apecha. Kukula kwake kumalembedwa ngati f/2.8, f/5.6 kapena f/22, ndipo nambala ikamakwera bowo limachepa. Mwachitsanzo, pa lenzi ya mamilimita 55, bowo la f/5.6 ndi lalikulu pafupifupi mamilimita 10, pamene la f/22 ndi mamilimita 2.5 okha.

Tiyerekeze kuti kachidutswa ka fumbi kotambalala mamilimita 0.05 kali pamtunda wa mamilimita awiri kuchokera pa mapikiselo. Pa f/2.8, kuwala kopita pa pikiselo imodzi kumadutsa pagalasilo kuli kotambalala pafupifupi mamilimita 0.7, choncho fumbilo limatchinga kuwala kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100, ndipo diso siliona kanthu. Pa f/22, kuwala komweko kumadutsa pamalo a mamilimita 0.09 okha, ndipo fumbi lomwe lija limatchinga pafupifupi magawo 30 mwa 100. Apa banga limaoneka bwino lomwe.

Ichi ndicho chifukwa chake wojambula nkhope za anthu, amene amakonda bowo lalikulu, angathe miyezi osadziwa kuti sensa yake yada. Amadzadzidzimuka tsiku limene wajambula gulu la anthu panja dzuwa likuswa mtengo, kamera itachepetsa bowo kufika f/11 kapena f/16.

Fumbi la pa lenzi ndi nkhani ina. Kuwala kopita pa pikiselo iliyonse kumadutsa pamalo aakulu a galasi la lenzi, motero kachidutswa kamodzi ka fumbi sikangaponye mthunzi wakewake. Lenzi ikada kwambiri, chithunzi chonse ndicho chimafooka: mitundu imatuwa, ndipo zakuda sizidanso bwino, makamaka pojambula moyang'anana ndi dzuwa kapena nyali.

Chithunzi choyesera

Njira yodalirika yodziwira gwero la banga ndiyo kujambula chithunzi choyesera. Pamafunika chinthu choyera ndi chosalala monga pepala loyera, khoma lopakidwa laimu kapena mtambo wopanda mitambo yamvula. Kamera iikidwe pa A kapena Av, pamene wojambula amasankha yekha bowo, ndipo bowolo likhale f/22, kapena f/16 ngati lenziyo sifika pamenepo. ISO ikhale yotsika, monga 100, kuti chithunzi chisakhale ndi timchenga tosokoneza. Ngati lenzi ndi yokoka, monga ya mamilimita 18 mpaka 55, ikokedwe mpaka kumapeto, pa 55.

Chotsatira ndicho kusokoneza dala fokasi. Chosinthira cha pa lenzi chichotsedwe pa AF kupita pa MF, ndipo ngati chojambulidwacho ndi pepala lapafupi, fokasi ipotozedwere kutali kwenikweni. Ngati ndi mtambo, ipotozedwere pafupi. Cholinga n'chakuti pepala kapena khomalo lisaoneke tsatanetsatane wake. Pa f/22 m'nyumba, shata ingakhale yotsegula kwa sekondi imodzi kapena awiri, ndipo zimenezi n'zothandiza. Wojambula aziyendetsa kamera pang'onopang'ono nthawi yonseyo. Kadontho kalikonse ka pakhoma kamafufutika chifukwa cha kuyendako, koma fumbi la m'kamera limayendera limodzi ndi sensa, choncho limatsala looneka bwino.

Chithunzicho chionedwe pakompyuta chitakulitsidwa kufika pa 100%, chigawo ndi chigawo, kuyambira pakona ina mpaka inzake. Sikirini ya kumbuyo kwa kamera ndi yaing'ono ndipo imabisa mawanga ambiri. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Lightroom angatsegule Visualize Spots, imene imasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera n'kuonetsa mawanga ngati timphete. Asanadandaule ndi kadontho kalikonse, wojambula asunthe chithunzi pasikirini. Kadontho kamene katsala pamalo amodzi chithunzi chikusuntha kali pagalasi la kompyuta.

Zitatha izi pajambulidwe zithunzi zina ziwiri. Choyamba chikhale ndi lenzi yomweyo koma bowo litatsegulidwa, monga f/5.6. Chachiwiri chikhale pa f/22 koma ndi lenzi ina. Zithunzi zitatuzi zikaikidwa pamodzi zimayankha pafupifupi funso lililonse.

Kuwerenga zimene zaoneka

Banga la pa sensa lili ndi zizindikiro zitatu. Limakhala pamalo amodzimodzi pachithunzi chilichonse, limaoneka kwambiri pa f/22 n'kuzimirira bowo likatsegulidwa, ndipo silichoka lenzi ikasinthidwa. Fumbi louma limaoneka ngati kadontho kakuda kapena kotuwa, pamene ulusi wa nsalu kapena tsitsi zimaoneka ngati kamzere kopindika. Dontho la mafuta kapena la madzi amene adauma limakhala lozungulira bwino, kawirikawiri lokhala ndi mphete yakuda m'mphepete ndi pakati powalirako. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa mpweya umachotsa fumbi louma koma suchotsa mafuta.

Vuto la lenzi limapita limodzi ndi lenziyo ikachotsedwa. Nthawi zambiri silikhala kadontho koma chifunga, kufooka kwa mitundu kapena kuwala komwazika mozungulira nyali. Pali nthawi ziwiri zimene litsiro la pa lenzi limaonekera ngati banga. Yoyamba ndi pamene chidutswa chachikulu chamatirira pagalasi lakumbuyo, loyang'ana m'kamera, ndipo chimaoneka ngati chigamba chachikulu chotuwa chopanda malire enieni. Yachiwiri ndi pamene madontho a madzi kapena matope agwera pagalasi lakutsogolo la lenzi yoona malo aakulu, monga ya mamilimita 10 kapena 14, bowo lili lochepa.

Lenzi yokayikitsa iyesedwe ndi tochi. Ichotsedwe pa kamera, zivundikiro zonse ziwiri zichoke, ndipo tochi iunike kuchokera kumbuyo mopendekera, diso likuyang'ana kutsogolo. Timadontho ta fumbi ta m'kati timapezeka m'malenzi ambiri ogwiritsidwa ntchito ndipo sitiononga zithunzi. Chodetsa nkhawa ndi chuku, chimene chimaoneka ngati ukonde wa kangaude kapena timizu toyera tomera kuchokera m'mphepete mwa galasi. Chuku chimakonda chinyontho ndi mdima, monga m'chikwama chotsekedwa nthawi ya dzinja, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene opanga malenzi amapaka pagalasi. Lenzi yotere iyenera kupita kwa mmisiri wodziwa kuimasula.

Pali zinthu zinanso ziwiri zimene zimanyenga anthu. Pa makamera a DSLR, amene ali ndi kalilole m'kati, wojambula angaone kachitsotso akasuzumira pakazenera koonera koma osakapeza pachithunzi. Kachitsotso kameneka kali pa kalilole kapena pa kagalasi kokhakhala kamene kali pamwamba pake, ndipo kalilole amanyamuka kuchoka panjira ya kuwala nthawi yojambula. Kotero sikakhudza zithunzi, ndipo n'kwabwino kukasiya kapena kungokapemerera mpweya, popeza zigawo ziwirizi zimakalika mosavuta kuposa sensa yeniyeniyo.

Chachiwiri ndi kadontho kowala, kofiira, kobiriwira kapena koyera, kamene kamaoneka pazithunzi za usiku kapena pa ISO yokwera. Iyi ndi pikiselo yolakwika, ndipo kukula kwake sikusintha ngakhale bowo lisinthidwe. Fumbi limatchinga kuwala, choncho banga lake siliwala. Pikiselo yolakwika siichoka ndi kupukuta. Makamera ena ali ndi Pixel Mapping, imene imazindikira mapikiselo otere n'kuwabisa.

Chitsanzo cha kamera imodzi

Tiyerekeze wojambula zithunzi za maukwati amene ali ndi kamera ya DSLR ya sensa ya APS-C, pamodzi ndi malenzi awiri: ya mamilimita 18 mpaka 55 ndi ina ya mamilimita 50. Wagwira ntchito m'mwezi wa Okutobala, nthawi ya fumbi ndi akamvuluvulu, ndipo wakhala akusintha malenzi panja pabwalo. Pazithunzi za gulu zimene adajambula pa f/11 akuona timadontho pamtambo, komanso zithunzi zina za lenzi yokoka ija zikuoneka zotuwa mbali ya kumanja.

Chithunzi choyesera cha pa f/22 chikuonetsa timadontho tisanu ndi tiwiri, kamzere kopindika pakona ya kumwamba kumanzere, ndi chigamba chotuwa chakumanja. Atatsegula bowo kufika f/5.6, timadontho tonse tazimirira, kamzere katsala ngati mthunzi wofooka, koma kutuwa kuja kudakalipo. Ataika lenzi ya mamilimita 50 pa f/22, timadontho ndi kamzere zabwerera pamalo ake enieni, koma chigamba chotuwa chapita.

Apa mavuto ndi awiri. Timadontho ndi kamzere zili pa sensa, chifukwa zatsala lenzi itasinthidwa. Chigamba chotuwa ndi cha lenzi yokoka. Ataiyang'ana mopendekera pa kuwala, wojambulayu akupeza chidindo cha chala pagalasi lakumbuyo, chimene adasiya posintha malenzi mofulumira. Ichi n'chosavuta: apemerere kaye mpweya kuchotsa mchenga, kenako apukute ndi kansalu kofewa ka malenzi, kodonthezedwa mankhwala a malenzi, kuyambira pakati kuzungulira kupita m'mphepete. Akadayamba ndi kupukuta sensa pofuna kuchotsa kutuwako, akadaipukuta kangapo pachabe.

Asanatsegule kamera, ayenera kudziwa mbali imene akafufuze. Lenzi imaponya chithunzi pa sensa chili chozondoka. Kwa munthu amene wachotsa lenzi n'kumayang'ana sensa kuchokera kutsogolo, chimene chili kumwamba pachithunzi chimapezeka kumunsi, koma kumanzere ndi kumanja sikusintha. Motero kamzere kamene kali kumwamba kumanzere pachithunzi kakapezeka kumunsi kumanzere pa sensa.

Njira yoyamba: kamera idziyeretse yokha

Makamera ambiri osinthika malenzi ali ndi njira yonjenjemeretsa galasi la patsogolo pa sensa kuti fumbi lithothoke. Kampani ya Olympus ndiyo idayamba kuika njirayi mu kamera yake ya E-1 mu 2003, ndipo Canon idatsatira mu 2006 ndi EOS 400D. Pa makamera a Canon, malo ake ndi Sensor cleaning kenako Clean now, pa Nikon ndi Clean image sensor, ndipo pa Sony ambiri ndi Cleaning Mode. Kamera iikidwe chilili patebulo, njirayi ichitidwe kawiri kapena katatu, kenako chithunzi choyesera chijambulidwenso. Fumbi louma limene langolowa kumene limachoka motere, koma lomwe lidanyowa n'kumamatira silisuntha. Mu chitsanzo chija, tinene kuti timadontho tiwiri tachoka n'kutsala tisanu ndi kamzere kaja.

Njira yachiwiri: mpweya

Chida chake ndi chopemerera cha labala chofinya ndi dzanja, chokhala ndi kamlomo kosongoka, chopanda bulashi kumapeto kwake. Ntchitoyi ichitikire m'chipinda chimene sichidasesedwe kumene, mazenera atatsekedwa ndi fani itazimitsidwa, manja ali osamba ndi ouma.

Batire liyenera kukhala lodzaza. Pa kamera ya DSLR, mphamvu ya batire ndiyo imagwira kalilole m'mwamba ndi shata yotsegula nthawi yonse yoyeretsa. Batire likatha chida chili m'kati, shata imatsekera pachidacho, ndipo zitsamba zake zopyapyala zimapindika. Makamera ambiri amakana kuyamba ntchitoyi batire likakhala lochepa. Pa Canon, njira yake ndi Clean manually, pa Nikon ndi Lock mirror up for cleaning. Si bwino kutsegula shata kudzera pa Bulb, chifukwa pamenepo sensa imakhala ikugwira ntchito ndipo chala chikaterereka pabatani shata imatseka nthawi yomweyo. Pa makamera opanda kalilole, sensa imaoneka lenzi ikangochotsedwa, ngakhale ena amatseka shata akazimitsidwa. Zikatero buku la kamerayo limafotokoza motsegulira, ndipo shata yotsekayo isakhudzidwe ndi chala kapena chida chilichonse.

Wojambula afinye kaye chopemerera kangapo pambali kuti fumbi la m'kati mwake lituluke. Kenako agwire kamera pakamwa pake patayang'ana pansi, kuti chimene chathothoka chigwere kunja. Kamlomo ka chopemerera kasalowe kupitirira mphete yomangirapo lenzi, chifukwa dzanja limagwedezeka pofinya ndipo kamlomoko kangagunde sensa. Afinye mwamphamvu kasanu kapena kakhumi, azimitse kamera, abwezere lenzi ndi kuyesanso.

Mpweya wa pakamwa sufunika ngakhale pang'ono, popeza umabwera ndi timadontho ta malovu timene timauma n'kusiya mawanga oipa kuposa fumbi. Mpweya wa m'zitini zopopera, umene ena amayeretsera makompyuta, ungalavule madzi ozizira kwambiri pagalasi, ndipo mphamvu yake ingaononge shata. Pampu ya njinga kapena ya matayala imatulutsa mpweya wa mafuta ndi litsiro.

Mu chitsanzo chathu, mpweya wachotsa kamzere kaja, kamene kadali ulusi, ndi timadontho titatu. Patsala tiwiri, ndipo kamodzi kali ndi mphete. Apa mwini kamera ayenera kulingalira ngati n'koyenera kupitirira. Ajambule pa bowo limene amagwiritsa ntchito masiku onse, monga f/8. Ngati mawanga sakuoneka pamenepo, angathe kuima, chifukwa palibe sensa imene imakhala yoyera kotheratu pa f/22. Kwa wojambula wathu, kadontho ka mphete kakuonekabe pa f/11, pomwe amajambulira magulu a anthu, choncho ayenera kupukuta.

Njira yachitatu: kupukuta ndi swabu

Swabu ndi kandodo kapulasitiki kokhala ndi mutu wophwatalala wokutidwa ndi kansalu kosasiya ulusi. Iliyonse imabwera m'kapaketi kakekake komata ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha. Mutu wake uyenera kulingana ndi msinkhu wa sensa kuti udutse malo onse paulendo umodzi. Sensa yaikulu, ya mamilimita 36 mulitali ndi 24 mulifupi, imafuna swabu ya mamilimita 24. Sensa ya APS-C, imene ili pafupifupi mamilimita 23.5 ndi 15.6, kapena 22.3 ndi 14.9 pa makamera ambiri a Canon, imafuna swabu ya mamilimita pafupifupi 16. Swabu yaikulu mopitirira imakhudza makoma a m'mbali, kumene kungakhale mafuta, n'kuwakokera pagalasi.

Mankhwala ake akhale opangidwira sensa, amene amauma msanga osasiya chilichonse. Sipiriti yapepo ya m'magolosale ili ndi utoto ndi zosakaniza zina zimene zimatsalira pagalasi. Mankhwala otsukira mazenera, madzi a pampopi, thonje la m'makutu, tishu ndi nsonga ya malaya, zonsezi n'zosayenera. Ngakhale kansalu ka malenzi kamene kakhala m'thumba kangakhale ndi mchenga.

Kupemerera mpweya kuyenera kuchitika kaye nthawi zonse, chifukwa choopsa chachikulu popukuta ndi kamchenga kolimba kokokedwa ndi swabu kuchokera mbali ina kufika inzake. Kamera igonekedwe chagada patebulo lolimba, pamalo owala bwino. Dontho limodzi kapena awiri a mankhwala adonthezedwe m'mphepete mwa mutu wa swabu, osati pa sensa, ndipo padikiridwe masekondi ochepa kuti alowerere. Swabu ikhale yachinyezi chabe, isachite kudontha.

Wojambula alowetse swabu osakhudza makoma, aiike kumapeto kwa sensa mbali ya kumanzere, aipendeketse pang'ono ndi kuikoka kamodzi mpaka kumanja, osaima panjira. Mphamvu yake ikhale yofanana ndi ya munthu wolemba ndi cholembera, yongokwana kupinda kandodo pang'ono. Atafika kumanja, asainyamule koma aipendeketsere mbali inayo kuti mbali yoyera ya kansalu ndiyo ikhudze galasi, kenako abwerere kamodzi kupita kumanzere. Akatero aitulutse n'kuitaya. Kubwereza ndi swabu yomweyo kumabwezera litsiro pamene lidachoka.

Makamera ambiri atsopano ali ndi sensa yoyandama, imene imasuntha pofuna kuchepetsa kugwedezeka kwa chithunzi. Sensa yotere imatha kuyenda pansi pa swabu. Buku la kamerayo limanena ngati pali njira yoimangira pamalo amodzi nthawi yoyeretsa, ndipo dzanja liyenera kupepuka kwambiri.

Chithunzi choyesera chimauza wojambula mmene ntchito yayendera. Mizere yotuwa yotsata njira imene swabu idadutsa imasonyeza kuti mankhwala adachuluka, ndipo imachoka ndi swabu yatsopano yokhala ndi dontho limodzi lokha. Banga limene lasanduka mzere wopakika lidali la mafuta, ndipo limafuna swabu yachiwiri kapena yachitatu. Timadontho tounjikana m'mphepete timasonyeza kuti swabu idanyamulidwa isanafike kumapeto. Mu chitsanzo chija, swabu yoyamba yachotsa kadontho kamodzi n'kupaka ka mphete kaja, yachiwiri yamaliza. Pa f/22 patsala kadontho kofooka pakona, kamene sikaoneka pa f/11, ndipo apa ntchito yatha.

Nthawi yoleka n'kupita kwa mmisiri

Banga limene silidasunthe ngakhale kusintha maonekedwe pambuyo pa maswabu atatu lisakakamizidwe. Lingakhale fumbi limene lidalowa pansi pa galasi losefa kuwala, kumene swabu singafike, kapena pangakhale pokumbika. Mzere wowongoka wopyapyala umene ukuoneka pamalo amodzi pambuyo pa kupukuta kulikonse ungakhale mkwalo. Chimene chimakalika nthawi zambiri ndi galasi lakunja lija, ndipo mmisiri angathe kulisintha, ngakhale kuti ntchitoyo ndi yodula chifukwa imafuna kumasula kamera yonse.

Mawanga amene akubwerera msanga, lenzi isanachotsedwe n'komwe, amasonyeza kuti gwero lili m'kati mwa kamera. Zotere zidachitikapo ndi kamera ya Nikon D600, imene idatuluka mu 2012. Eni ake ambiri adadandaula za mawanga obwerezabwereza, ndipo mu 2014 kampaniyo idalengeza kuti iziyeretsa makamerawo ndi kusintha shata mwaulere. Pa vuto la mtundu umenewu, kupukuta kumangothandiza masiku ochepa. Mofananamo, kamera imene idakali pa chitsimikizo cha kampani ndi bwino kuibwezera kwa ogulitsa, chifukwa kuonongeka kobwera ndi dzanja la mwini wake sikulipiridwa. Makamera aang'ono a lenzi yosachoka nawonso amalowa fumbi, koma sensa yake siifikika popanda kumasula.

Ngati ntchito ili pafupi ndipo zida zoyeretsera palibe, mawanga angabisidwe pakompyuta. Canon ili ndi Dust Delete Data ndipo Nikon ili ndi Image Dust Off ref photo. Zonsezi zimalemba malo amene pali fumbi kuti pulogalamu ya kampaniyo ikafufute mawangawo pambuyo pake. Njirayi imathandiza pamtambo ndi pakhoma, koma banga likagwera pa diso la mkwatibwi kapena pa nsalu ya maluwa, kufufutako kumasiya chipsera.

Fumbi lambiri limalowa posintha malenzi, choncho kasinthidwe kabwino kamatalikitsa nthawi yofikanso pa swabu. Lenzi yolowa ikonzedweretu, kumbuyo kwake kutapemereredwa ndi chivundikiro chitamasulidwa. Kamera izimitsidwe, iyang'ane pansi, ndipo wojambula afulatire mphepo kapena alowe m'galimoto yotseka mazenera. Zivundikiro zisasungidwe m'thumba la thalauza, mmene muli ulusi wambiri, koma zilumikizidwe ziwiriziwiri. Tsiku loti mawa kuli ntchito yaikulu, chithunzi choyesera cha pa f/22 chimatenga mphindi zosakwana zisanu, ndipo chimapatsa wojambula mpata wochotsa banga limodzi pa sensa lisanadindike pazithunzi mazanamazana.